Tizitseko Tinayi ta Mtima wa Mwana Wathu

Ndinataya mkazi wanga, kuseka kwake, ndi tulo. Valavu imodzi ya mtima wake sinkatsekeka bwino, ndipo ndinkaopa kuti mwana wathu nayenso ali choncho.

Kuchipatala dokotala anandionetsa pa sikani mavalavu anayi a mwanayo, tizitseko ta magazi.

"Onani, bambo. Zipinda zam'munsi za mtima zikafinya, tiwiri tolowera timatsekeka, tiwiri totulukira n'kutseguka, magazi n'kupita kumapapo ndi m'thupi. Zikamasuka, totulukira timatsekeka, tolowera n'kutseguka kuti zipindazo zidzazenso. Palibe kamene kakubweza magazi."

"Tonse tinayi?" ndinafunsa.

"Tonse tinayi."

Mwanayo ndinamunyamula paphewa mpaka pokwerera minibasi ya ku Bwacha. Ndinali nditakwaniritsa mawu omaliza a amayi ake: "Imwe, mukamupimitse mwana."