Foni ya atsibweni inkalankhula Chifalansa

Ndili Fomu 3, atsibweni anga analandira foni yoyendetsa ndi chala. Maso awo anafa ali mnyamata, koma sukulu anapita nayo patali, ndipo Chingelezi amachimva kuposa tonsefe pamudzi pathu, kumtunda kwa Mvera. Foniyo anawagulira mwana wawo wamkazi wa ku Lilongwe, yogwirapo kale ntchito, pamsika wa ku Dzaleka, kumsasa wa anthu othawa kwawo. Wogulitsa anaisintha kuti zolembedwa zonse zikhale m'Chingelezi, anayatsanso pulogalamu imene imawerenga mokweza chilichonse chimene chala chakhudza. Mwana wawoyo anangoisiya n'kuthamangira minibasi.

Nditabwera ku holide ndinapeza foniyo ili m'kabokosi kake, yomangidwa ndi luzi.

"Ibwerere kwa mwini wake," anatero atsibweni. "Sindikumva chimene ikunena."

Amayi anandikokera kuseri kwa chigafa cha fodya. Anati aliyense amene anaiona foniyo, ngakhale aphunzitsi a kupulayimale, anayang'ana pagalasi n'kunena kuti ndi Chingelezi chabwinobwino. Ndiye pamudzi anagwirizana kuti makutu a atsibweni ayamba kufa, ndipo amayi ankafuna kupita nawo kuchipatala ku Boma. Atsibweni anali atasiya kutsutsa. Zimenezo n'zimene zinandiwawa, chifukwa ndi munthu amene amazindikira njinga ya aliyense ikadali kutsidya kwa dambo.

Ndinapempha kuti ndiione. Nanenso ndinayamba ndi maso, ndipo zoonadi zolembedwa zinali m'Chingelezi. Kenako ndinatsinzina n'kuyendetsa chala. Mawu a mzimayi anatuluka, olankhulira m'mphuno, akumeza mathero a liwu lililonse. Sindinatolepo kanthu. Nditakhudza pamene pali nthawi, ananena manambala m'chinenero chimene si Chingelezi n'komwe.

"Atsibweni, inenso sindikumva."

"Ndiye tonse tipite kuchipatala," anatero osaseka. "Adzatigoneka bedi limodzi."

Kusintha zinthu pulogalamuyo ili yoyaka kunanditulutsa thukuta. Ukakhudza kamodzi imangowerenga, kuti itsegule uyenera kugogoda kawiri mofulumira, ndipo kutsitsa tsamba kumafuna zala ziwiri. Atsibweni ndiwo anandiphunzitsa zimenezi, anali atazimva kwa mnzawo wa kusukulu amene amagwiritsa ntchito foni yotereyi.

"Ukuigogoda ngati chitseko cha apongozi. Fulumiza chala."

Ndinayamba ndi gawo la chinenero cha foni yonse. Linali pa Chingelezi. Apa mpamene ena onse ankathera. Ine ndinapitirira ku gawo la zothandiza anthu aulumali, ndipo m'katimo ndinapeza malo ena osankhira mawu owerengawo. Nawonso anali ndi chinenero chawochawo: Chifalansa. Mwini wake woyamba ayenera kuti anachisankha yekha, ndiye wogulitsa atasintha zolembedwa, mawu anatsalira pomwepo. Mzimayi uja ankawerenga Chingelezi ndi lilime la Chifalansa.

Pamwamba pa mndandanda panali posankha kuti mawu azitsatira chinenero cha foni. Ndinagogoda pamenepo. Koma mawu a Chingeleziwo munalibe m'fonimo, ankafunika kuwakopera pa intaneti, ndipo pakhomo pathu netiweki imabwera ikafuna. Tinakwera kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi, iwo atagwira phewa langa, ine nditanyamula mafoni awiri, yangayo ikugawira yawo bandulo. Tinakhala pamwala kudikira. Mphepo ya mu Julaye inkatidula makutu.

"Chichewa mulibe?" anafunsa.

Ndinatsitsa mndandanda wonse mpaka pansi. Munalibe. Ndinawauza kuti mauthenga a Chichewa aziwerengedwabe mokhota.

"Amenewo anthu azingondijambulira mawu awo. Ine ndingofuna kudziwa pamene ndaponda."

Zitatha, ndinawaika foni m'manja. Anayendetsa chala pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa. Mawu anatchula nthawi, kenako kuchuluka kwa moto wa batire, momveka ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Atsibweni anabwereza liwu lililonse pambuyo pake. Anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kunena kuti mphepo yawalowa m'maso.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiwapezere nambala ya mwana wawo. Anandimenya kadzanjako.

"Wamaliza yako iwe. Khala uko."

Anasochera kawiri, ulendo wina anatsegula kamera n'kujambula bondo lawo. Ndinawasiya apitirize okha. Mpaka anafika pa mayina, namvetsera limodzilimodzi, nagogoda kawiri. Foni inayamba kuitana ku Lilongwe.

"Bambo? Wakuthandizani kuimba ndani?"

"Ndaimba ndekha. Foni ija usatumenso munthu wodzaitenga, ikhala konkuno."

Ndinatsetsereka pang'ono kuti acheze momasuka. M'munsimo amayi anali ataima pakhomo, dzanja lili pachipumi, akuyang'ana kumtunda. Ndinawakodola kuti akwere adzamve okha.