Ndime Imene Inamanga Mlatho pa Chimeza

Stelia anabadwira pa esiteti ya fodya kuseri kwa Kamwendo, m'kanyumba kaudzu kamene kanali pa mzere wa matenanti. Bambo ake, a Zakeyu, anachokera ku Phalombe pa lole yodzaza anthu ofuna malo olima, ndipo sanabwererenso kwawo. Sukulu ankaikonda Stelia, koma pakati pa esiteti ndi sukuluyo panali kamtsinje kotchedwa Chimeza. M'chilimwe ndi mbuzi yomwe inkakalumpha. Dzinja likafika kankadzaza mpaka m'chifuwa mwa munthu wamkulu, ana n'kumajomba sabata zathunthu. Iye analimbana nako mpaka Sitandade 8, mayeso n'kumukanika.

Nthawi imene zipani zambiri zinabwera, sukulu za pulayimale n'kukhala zaulere, iye anali atakwatiwa kale ndi Laston, dalaivala wa thiraki yopita ku Chipata ndi ku Lusaka. Anakhazikika pafupi ndi boda, n'kubereka mwana wawo Tadala. Masana Stelia ankagulitsa zitenje za ku Zambia, ndipo pakasowa ogula ankawerenga nyuzi iliyonse imene yagwera m'manja mwake, ngakhale yokulungira sopo. Kutchalitchi ndiye ankalemba zokambirana za bungwe la amayi, poti dzanja lake linali looneka bwino.

Patapita zaka, m'boma lawo munatsegulidwa wailesi ya m'dera, ndipo analengeza kuti akufuna anthu odzipereka olemba nkhani za kumudzi. Stelia sanachedwe. Anamulandira, namupatsa mphindi zochepa Loweruka masana kuti aziwerenga zimene walemba.

Nkhani yake yoyamba inali ya moyo wa matenanti. Anailemba mosamala, popanda bodza ngakhale limodzi, ndipo tsiku louluka anakwera kabaza n'kukasiya wailesi yake kwa a Zakeyu kuti amve mwana wawo. M'mawa mwake anapita kukafunsa. Mayi ake anaseka chamumtima, n'kuulula kuti mkuluyo anagona pampando nkhani isanafike pakati. Mwini wakeyo sanakane.

"Mawu ndinawamva kuti ndi ako, mwanawe," anatero a Zakeyu. "Koma zinkamveka ngati chigayo cha dizilo. Du, du, du. Munthu ukakhala pafupi ndi chigayo, tulo sitichedwa."

Pa Kamwendo zinali zoposa pamenepo. Anyamata a kabaza anayamba kumuitana kuti Mayi Matenanti, chifukwa chiganizo chilichonse cha nkhani ija chinayamba ndi liwu limenelo. Matenanti amadzuka m'mawa. Matenanti amalima fodya. Matenanti amavutika kwambiri. Ankamuyeseza mawu akamadutsa, iye n'kumangoyang'ana kutsogolo, mtima ukuwawa. Anauza Laston kuti za wailesi wazisiya. Mwamunayo anangoti thiraki ikazima pa chitunda saitaya m'tchire, amaona chimene chavuta.

Woyang'anira mapulogalamu a Chichewa pa wailesipo anali a Tabeth, mayi amene anaphunzitsa kusekondale zaka zambiri asanapume. Loweruka lija sanalipo, anali ku maliro ku Dedza, ndiye nkhani ija inauluka asanaione. Atamva tepi anatumiza uthenga kuti Stelia abwere ndi chilichonse chatsopano chimene walemba.

Chatsopano chinalipo. Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri, ndipo Chimeza anali atatsekereza ana a pa esiteti monga ankachitira kale. Mtsikana wina anakokoloka, mwamwayi n'kukakodwa m'bango. Stelia anali atalemba za zimenezi, osati kuti aulutse, koma chifukwa zinkamusowetsa mtendere. Anapereka pepalalo akuyang'ana pansi.

A Tabeth sanakonze kanthu. Anamubwezera pepala lija pamodzi ndi pensulo, namuuza kuti adule mzere kunsi kwa mawu oyamba a chiganizo chilichonse, kenako awerenge mokweza. Stelia anawerenga:

"Ana a matenanti amadzuka m'mawa kwambiri. Ana a matenanti amayenda mtunda wautali. Ana a matenanti amawoloka mtsinje wodzaza. Ana a matenanti amafika kusukulu mochedwa. Ana a matenanti amabwezedwa ndi aphunzitsi."

Pamene ankawerenga, a Tabeth ankagogoda tebulo ndi chala pothera pa chiganizo chilichonse. Kugogodako kunkabwera pa mpata wofanana, ngati munthu akukhoma msomali. Stelia analekeza yekha. Chigayo cha bambo ake chija anachimva ndi makutu ake.

Mayiwo anamufotokozera kuti matenda analipo awiri. Oyamba anali poyambira: khutu likamva mawu omwewo kawiri, kachitatu limadziwiratu chimene chikubwera, ndiye limasiya kumvetsera. Achiwiri anali msinkhu wa ziganizo, zonse zofanana ngati mizere ya m'munda. Mfundo zinali zabwino, anatero, ndipo panalibe yoti ichotsedwe. Anamuuza apite akayesenso.

Stelia anabwerako Lachitatu ali ndi chimwemwe. Tsopano chiganizo chilichonse chinali ndi poyambira pakepake: china chinayamba ndi "Komanso", china "Kuwonjezera apo", china "Chinanso n'chakuti", china "Pomaliza". A Tabeth anawerenga mpaka pansi, navula magalasi.

"Amake Tadala, apa mwangowaveka zipewa zosiyana, koma anthu ake ndi omwe aja. Tachotsani zipewazo muone."

Anazichotsa, ndipo pansi pake panatsala ziganizo zomwe zija, zamsinkhu umodzi. Manyazi anamugwira, koma a Tabeth sanamupatse mpata wodandaula. Anatembenuza pepala chafufumimba n'kumuuza kuti awafotokozere pakamwa m'mene iye mwini ankapitira kusukulu. Stelia anayamba monyinyirika, kenako nkhani inamutenga. Anasimba za mame, za minda ya fodya, za yunifomu pamutu. Pena ankapita patali osapuma, pena ankangoponya mawu awiri n'kukhala chete.

Apo ndi pamene a Tabeth anamuonetsa zimene pakamwa pake pankachita pokha. Posimba, iye sankatchula mwanayo kawirikawiri, poti akangomutchula kamodzi, kachiyambi ka mneni kamanena kale kuti ndi yemweyo. Nthawi zina ankayamba ndi nthawi, nthawi zina ndi malo, nthawi zina ndi chinthu china monga njira kapena belu. Zochitika zotsatizana ankazilumikiza ndi "n'ku" kapena "akafika", zitatu n'kukhala chiganizo chimodzi chachitali. Ndipo chinthu chopweteka kwambiri ankachinena mwachidule, chitangotha chachitalicho, kuti chigwe ndi mphamvu. Kubwereza mawu si tchimo, anawonjezera mayiwo, alaliki amabwereza dala ndipo zimagwira mtima. Choipa n'kubwereza usakudziwa kuti ukubwereza.

Masiku otsatira Stelia ankalemba pa benchi yake ya zitenje, n'kumawerenga chapansipansi, ogula n'kumamudabwa. Akaona ziganizo ziwiri zoyandikana zoyamba mofanana, ankafunsa ngati wachita dala. Zazifupi zikachulukana ankalumikiza zina. Chachitali chikamuthera mpweya ankachidula. Ndime yoyamba yokha anailemba mobwereza mpaka pepala linabooka ndi labala.

Loweruka la kuulutsa, Laston anali pa boda kudikira mapepala a katundu. Mathiraki anali ndondondo, madalaivala atakhala pa mthunzi, ena akutchova bawo. Iye anatsegula chitseko cha thiraki n'kukweza wailesi. Mawu a mkazi wake anamveka:

"Kusanache, mame adakali pa udzu, mwana wa tenanti amakhala atanyamuka kale. Njira yake ndi yaitali. Imadutsa m'minda ya fodya, n'kutsikira kudambo, mpaka kukafika pa Chimeza, kamtsinje kamene dzinja lino kakufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Mlatho palibe. Pamenepo amavula yunifomu, n'kuikulunga pamodzi ndi makope, n'kusenza pamutu, n'kulowa m'madzi akugwira bango. Akafika kusukulu, belu linalira kalekale. Amamubweza."

Bawo linaima. Dalaivala wina wa ku Katete, amene anali atagwira nkhomo m'manja, anafunsa kuti kamtsinje kameneka kali kuti. Mayi wosintha ndalama anasendera pafupi kuti amve bwino. Nkhaniyo inapitirira, kusimba za mtsikana wokodwa m'bango uja, ndipo palibe anachoka mpaka inatha. Laston anayang'ana anzakewo mmodzimmodzi, n'kuwauza kuti amene amayankhulayo ndi mayi a kunyumba kwake. Anabwereza kangapo tsiku limenelo, ngakhale kwa anthu amene sanamufunse.

Ku esiteti, a Zakeyu anamvetsera ali chiimire. Itatha nkhani anatenga ndodo yawo n'kuyenda nyumba ndi nyumba pa mzere wa matenanti, kufunsa ngati amva. Ambiri anali atamva. Wailesi inalandira mauthenga ochuluka opempha kuti nkhaniyo ibwerezedwe, ndipo inabwerezedwa Lachiwiri. Aphunzitsi aakulu a sukulu ija anabwera okha ku wailesi kudzanena kuti sankadziwa kuti ana ochedwawo amachita kusambira, ndipo kuyambira pamenepo analeka kuwabweza.

Komiti ya chitukuko ya m'deralo inaitanitsa msonkhano. Manijala wa esiteti, amene dzina la malo ake silinatchulidwe pa wailesi koma aliyense ankalidziwa, analonjeza mitengo ya bulugamu ndi thirakitala yokokera. Matenanti anati manja ndi awo. Madalaivala a pa boda anasonkhanitsa matabwa a mabokosi a katundu ndi mabawuti, Laston n'kukatula pa Kamwendo. Mvula itangodula anakumba maenje a nsanamira, ndipo dzinja lotsatira lisanafike mlatho wa anthu oyenda pansi unali utaima pa Chimeza. Sunali wokongola. Unkagwedera pang'ono pakati, koma mwana ankawoloka yunifomu ili pathupi.

Pa tsiku lotsegulira, Stelia anaima kumbuyo kwa gulu atanyamula chojambulira mawu cha wailesi. A Tabeth anamukoka dzanja n'kupita naye kutsogolo, nauza anthu kuti mwini nkhani ndi uyu. Amayi a pa esiteti analuluta, ena n'kumuyalira zitenje kuti apondepo. Iye anaseka, misozi ikutsika, ndipo chojambulira chija anaiwala kuyatsa.

Wailesi inamupatsa pulogalamu yakeyake ya theka la ola. Anailemba zaka zambiri, ndipo odzipereka atsopano akabwera, a Tabeth ankawatumiza kwa iye kuti awamvetsere akuwerenga. Zitenje sanasiye kugulitsa.

Tsiku lina m'mawa, akuyala katundu wake, panafika amayi atatu ochita malonda a tomato ndi nyemba, mmodzi wa iwo wochokera ku Mwami, tsidya la Zambia. Anati iwo amadikira nthawi yaitali pa msewu, padzuwa ndi pamvula, ana kumsana, popanda ndi kakhumbi komwe kobisalamo. Anamva kuti kuno kuli mayi wodziwa kuyala nkhani. Stelia anawakhazika pa benchi, napempha mnzake woyandikana naye kuti amuonerere zitenje.

"Yambani inu, mayi a ku Mwami," anatero. "Mundiuze monga mmene mungauzire mchemwali wanu."