Matumba Amene Kompyuta Inameza

Ndinkagwira ntchito ya makompyuta pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo ndinalemba pulogalamu yowerenga matumba a masamba olowa m'fakitale. Masikelo anali awiri. Ndinagwiritsa ntchito chida cholembera mapulogalamu chotchedwa pthreads kuti sikelo iliyonse ikhale ndi thread yake, ndiye kuti kachigawo ka pulogalamu koyenda pakokha, koma onse ankawonjezera pa nambala imodzi.

Masiku otanganidwa, nambalayo inkachepa poyerekeza ndi ya m'buku la akalaliki, mayi a ku Khonjeni. Amanijala anawakalipira pagulu kuti akulemba matumba abodza. Ine ndinaikira kumbuyo kompyuta, ndipo mayiwo anawasamutsira kumunda kuti azikayeza masamba kumeneko.

Patapita milungu ndinapeza vutolo. Kuwonjezera kamodzi n'zochita zitatu: kuwerenga nambala, kuphatikizapo imodzi, n'kuilemba. Nthawi zina ma thread awiriwo ankawerenga 40 limodzi, onse n'kulemba 41, thumba limodzi n'kusowa. Ndinaikapo mutex, loko amene thread imatseka isanakhudze nambala n'kutsekula ikamaliza, inzakeyo ikudikira. Kusiyanako kunatheratu.

Ndinauza amanijala, iwo anati nkhaniyo inatha kale, ndisawachititse manyazi. Ndinapita kumunda kukapepesa kwa mayiwo, n'kuwafotokozera za vutolo ndi lokoyo.

"Loko wanuyo mwamupeza liti, achimwene?" anandifunsa mayiwo, osandiyang'ana.

"Dzulo, mayi."

"Tsiku lija munalankhula ngati mwafufuza kale. Chokani, mukunditsekereza sikelo."

Amanijala anawabwezera mu ofesi nyengo ya mvula itatha. Tinakhala moyandikana zaka ziwiri, koma moni wanga sanauyankheponso.