Kukana Chinkhoswe pa Foni Yotchipa

Uthengawo unandipeza Lolemba m'mawa ndikukolopa khonde la madamu ku Kabulonga. Unachokera kwa achimwene anga ku Mchinji, amene ankandisungira mwana wanga wamkazi chimwalirire bambo ake. Analemba kuti mwanayo wapezeka ndi mwayi, mwini golosale wa pamsika wamufunsira, ndipo chinkhoswe chili Loweruka lomwelo. Mwanayo anali Folomu 3. Ine ndinali m'chaka chachitatu ku Lusaka, kuchapa malaya a anthu ena kuti iye aphunzire.

Ndinapukuta manja n'kuyankha liwu limodzi: ayi. Achimwene anabweza kuti nkhani ya banja siikambidwa pa meseji ngati mtengo wa mbuzi, ndiwaimbire tilankhulane ngati anthu. Iwowo sankaimba. Chigulireni kafoni kawo ka mabatani ankangofulasha, kumene ku Lusaka amati kupeja, kenaka n'kukhala pansi kudikira kuti wa kunja, amene ndalama amachita kuthyola mumtengo, aimbe.

Ndinkakhala ku Mtendere kwa mng'ono wanga ndi mwamuna wake. Alamu angawo anabadwira ku Matero, mu Lusaka momwemo. Agogo awo anachokera kwathu kalekale kudzafuna ntchito, koma iwo anali asanadumpheko malire a ku Mwami. Ankakonza mafoni m'kantemba, kakanyumba ka malata pafupi ndi pokwerera minibasi. Inali nthawi imene boma linali litamasula dzanja pa zoimba kunja, makampani akulimbirana anthu, ndipo mwamuna aliyense wokhala ndi sikuludiraiva anali katswiri. Madzulo amenewo atandiona ndikutulutsa ndalama yoti ndikagule mayunitsi, anagwira kumutu. Anati kuimba dairekiti n'kwa anthu a kumudzi, kumatafuna ndalama ngati chigayo.

"Ba mulamu, ivi vinthu musiyile ise," anatero. "Ni nchito yanga."

Ndinawasiyira. Loweruka linkaoneka kutali.

Lachiwiri anabwera ndi khadi lochokera kutauni, lojambulidwa dziko lonse lapansi ndi mzimayi wosekerera. Pa chipepala cha kusitoloko, iwo anati, panalembedwa kuti khadi limodzi ndi ola lathunthu. Anandiphunzitsa: upale kumbuyo ituluke nambala yachinsinsi, uimbe kaye nambala ya eni khadi ya mu Lusaka momwemo, ulowetse yachinsinsiyo, kenaka ya kwa achimwene. Chimene anaiwala kunena n'chakuti nambala ya eni khadiyo inkadyanso mayunitsi a m'foni mwanga, choncho ndinagulabe mayunitsi amene ankandiletsa aja. Ndinaphonya manambala kawiri. Kachitatu mawu a mzimayi wa m'makina anandiuza m'Chingerezi kuti ndili ndi mphindi khumi ndi imodzi.

Ndinayang'ana alamu. Anatembenuza khadi, n'kulisendeza kumaso, n'kupeza timalemba tonga nyerere. Ola lija linali la oimbira ku Amereka. Kuimbira foni ya m'manja ya ku Malawi, kumene basi ya m'mawa imafika dzuwa lisanalowe, kunali kodula kuposa kuoloka nyanja zamchere.

Achimwene anayankha, ndipo anayamba ndi moni. Anafunsa za ine, za mng'ono wanga, za alamu, za madamu amene sanawaonepo, za mvula ya ku Lusaka. Kenaka anapereka foni kwa akazi awo, amene anayambiranso poyamba. Panali mlendo pakhomo, mkulu wa mpingo, ndipo sikukanakhala ulemu kumudumpha. Foni itabwerera kwa mwini wake ndinangoti, "Achimwene, za mwana uja," basi inaduka. Ndinaimbanso mwachangu, poganiza kuti patsala kanthu. Mzimayi wa m'makina anati palibe. Timalemba tija tinkanenanso kuti foni ikangolumikizika amadulapo kaye ndalama yolowera, ndipo mphindi ukangoiyamba amaiwerenga yonse.

Alamu sanachite manyazi. Anati makhadi ni vakudala, iwo ankangofuna ndidzionere ndekha.

Lachitatu anatulutsa foni yawo yaikulu yotsetsereza chala. Munali apu, pulogalamu yoimbira pa intaneti. Anafotokoza kuti ukaikamo ndalama imatha kuimbira nambala iliyonse, ngakhale kafoni ka mabatani kopanda intaneti, pa mtengo wotsika. Kuikamo ndalama kunkafuna khadi la kubanki, limene m'nyumba mwathu munalibe, ndiye anapita kukapempha mnzawo wina kuti alipire ndi lake, ine n'kumubwezera pamanja. Ndinagulanso bandulo ya intaneti ya foni ya alamu.

Tinaimba kanayi osayankhidwa. Apuyo sinkaonetsa nambala yanga kumeneko, inkaonetsa ina yachilendo. Masiku amenewo kunali mphekesera yoti pali manambala ena ukawayankha umatuluka magazi m'makutu, ndipo achimwene, amene sankaopa kukwatitsa mwana wa sukulu, manambala ankawaopa. Ndinachita kuwatumizira meseji kuti ndine, ayankhe.

Anayankha, koma mawu ankayenda ngati munthu wodwala mwendo. Ine ndikalankhula, iwo amamva patapita kanthawi. Tonse tinkayamba pamodzi, tonse n'kusiya pamodzi kupatsana ulemu, kenaka tonse n'kuyambanso. Mawu anga omwe ankabwerera m'khutu mwanga, moti ndinkakangana ndi ine mwini. Alamu anandiimika pamwamba pa mulu wa mabuloko kuseri kwa chimbudzi, ati ndi pamene netiweki imagwira bwino, ndipo azimayi a pampopi anasiya kutunga madzi kuti amve. Ndinakuwa kuti mwanayo asakwatiwe. Achimwene anati akungomva zidutswazidutswa, koma akuthokoza kuti ndaimba. Mpaka lero sindidziwa kuti ndi zingati zimene anameza ndi makina ndipo ndi zingati anameza ndi achimwene.

Apa ndinafuna kusiya zonse, koma alamu anati vuto si apu, vuto ni kafoni ka kumudzi. Mbali zonse ziwiri zikakhala ndi foni yaikulu, apu yofanana, komanso bandulo, palibenso cholipira pa mphindi, mumalankhula mpaka kukhosi kuume. Ndinawalembera achimwene kuti afufuze munthu wa foni yotero. Anayankha msanga modabwitsa kuti wapezeka munthu wachifundo, n'kutumiza nambala yake, ati ndiimbe Lachinayi ndikaweruka.

Tsiku limenelo mawu anamveka bwino ndithu, ndisaname. Achimwene anapereka moni wawo wonse ndipo sindinawerenge mphindi. Kenaka anati ndilankhule zonse zakukhosi, kuno akumva. Ndinamasuka. Ndinanena kuti mwamuna wa golosaleyo ndimamudziwa, tinkaphunzira naye Sande sukulu, ndi msinkhu wanga. Ndinanena za mkazi wake woyamba amene anathawa ndi mphasa yokha, za sikelo yake yobera anthu shuga, ndiponso kuti munthu wofuna mwana wa Folomu 3 safuna mkazi, amafuna wantchito wosalipidwa. Ndinalankhula mpaka mng'ono wanga anandibweretsera madzi. Nditapuma, kunamveka kutsokomola, kenaka mawu amene sanali a achimwene.

"Zikomo apongozi, ndamva. Foni ino ndi yanga."

M'mudzi monsemo munthu wa foni yaikulu anali mmodzi yekha. Achimwene, ndinamva pambuyo pake, atangomaliza moni anamupatsira mwini wake n'kupita kukamangirira mbuzi, ati apongozi ndi mkamwini adziwane. Mwamunayo anadandaula mwaulemu kuti bandulo yake yathera kutukwanidwa, n'kudula.

Lachisanu m'mawa ndili mu minibasi meseji inalowa. Achimwene ankathokoza kuti ndalankhulana bwino ndi mkamwini, amene wawauza kuti mayi avomera, kungoti netiweki inavuta kumapeto. Nkhuku za mawa zagulidwa kale.

Ndinatsika minibasi isanafike potsikira panga. Pa kantemba koyamba ndinagula mayunitsi ndi ndalama yonse imene inali pa mfundo ya chitenje, kuphatikizapo ya minibasi yobwerera. Ndinadina maziro awiri, 265, kenaka nambala ya achimwene nditachotsa ziro wa kumayambiriro. Inalira kamodzi. Anaona kuti ndi nambala yanga, anayankha, ndipo mawu anamveka ngati aima pambali panga. Anayamba kufunsa mmene ndadzukira.

"Sindinadzuke," ndinatero. "Mwana wanga sakwatiwa. Mukachita chinkhoswe mawa, Lamlungu ndili pakhomo panu, Lolemba ndili kwa ahedi ndi kupolisi. Ndalama imene ndimakutumizirani mwezi ndi mwezi yatha lero. Mpatseni foni."

Kunali zii, ndipo zii ameneyo ndinkamulipira. Kenaka ndinamva mpweya wa mwana wanga. Ndinamufunsa ngati mwamunayo akumufuna. Anati ayi, amalume analandira matumba awiri a feteleza. Ndinamuuza kuti avale yunifolomu apite kusukulu, ngakhale wachedwa. Foni inadziduka yokha mayunitsi atatha. Zonse sizinakwane mphindi zitatu. Ndinafika kuntchito mochedwa, madzulo n'kubwerera ku Mtendere wapansi.

Chinkhoswe sichinachitike. Nkhuku anadya okha. Feteleza anabweza thumba limodzi, lina anali atathira kale kumunda, ndipo mwini golosale anasiya kuwapatsa moni. Achimwene anauza mudzi wonse kuti mlongo wawo wasanduka Mzambia, amalankhula ndi akulu osapereka moni, ndipo anatha chaka chathunthu osafulasha. Kunena zoona, chaka chimenecho ndinagula mbaula yatsopano ndi nsapato.

Alamu anakhala pansi ndi pensulo n'kundionetsa kuti pa mphindi imodzi khadi linali lotchipa kuposa dairekiti, apu yoimbira nambala inaposa khadi, ndipo apu ya mbali zonse inali ngati yaulere. Sankanama, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Nditawafunsa kuti pa njira zinayizo ndi iti imene inafikitsa mawu anga, anati funso limenelo si la tekinoloje. Mng'ono wanga anaseka mpaka anathawira panja.

Sukulu itatsekera ndinakamutenga mwanayo n'kukamusiya kwa azakhali ake ku Lilongwe, kumene anamaliza Folomu 4, osati mwapamwamba, koma anamaliza. Anagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala zaka zingapo, kenaka anakwatiwa ndi dalaivala wa malole amene anadzisankhira yekha. Ameneyonso sindimukonda, amatafuna motsegula pakamwa, koma pa iyeyo palibe anandifunsa maganizo.