Mtengo wa ku Lungwena

Pa siteji ya akabaza a njinga zamoto pa Boma la Mangochi palibe wosawadziwa mayi Subira, ogulitsa usipa wouma. Anyamata akawaona akubwera ndi dengu lawo, mitengo imatsika yokha. Sikuti ndi oumira ayi, koma amadana ndi kuyesedwa mlendo kwawo komwe.

Iwo sakwera asanamvane mtengo, chifukwa ukangokhala pampando pakamwa pako patha mphamvu. Amayamba afunsa amayi a mandasi kuti anthu akulipira zingati lero. Akatero amaonanso ngati petulo akupezeka pa filing'i kapena ndi wa m'zigubu, ngati njira ili ya phula kapena yamchenga, ndiponso ngati mnyamatayo akabwerere wopanda munthu.

Ndiye tangoganizani, mwana wawo Yasmin n'kubwera ndi nkhani yoti akufuna kukwatiwa ndi wakabaza, dzina lake Shafi, wa siteji ya kutsidya kwa mlatho! Mayi Subira mtima unawawa. Wakabaza wokweza mitengo ndi wakuba, wotsitsa dala ndi wogonetsa mkazi ndi njala. Mwana wawo akagwera mwa uti?

M'mawa mwake anabwereka sutikesi ndi magalasi akuda kwa mng'ono wawo Ajira, nawoloka mlatho akuyenda monyang'wa ngati mlendo wa ku Blantyre. Anafunsa kuti Shafi ndi uti, anthu n'kuwalozera kamnyamata konyezimira chipumi.

"Achimwene, ku Lungwena ndi zingati?"

Shafi anayang'ana magalasi, anayang'ananso sutikesi, koma anatchula mtengo womwe amayi a mandasi anali atawauza kale m'mawamo. Mayi Subira anatsala pang'ono kululutira, koma anadzigwira.

"Iii, mukufuna kundipha? Theka lake basi!"

Shafi anachotsako pang'ono. Iwo anadandaula, anatchula umasiye, ananamizira kuchoka kawiri konse.

"Mama, pepani," anatero Shafi. "Mafuta ndagula m'chigubu, njira ija ndi mchenga, pobwera mwina ndibwera ndekha. Ndikatsitsanso ndiye kuti ndakunyamulani pamsana."

Basi nthungululu inawapulumuka mayi Subira. Anavula magalasi.

"Ndine make Yasmin! Kawauze amalume ako abwere kwathu."

Siteji yonse inafa nacho chiseko. Shafi anagwada pafumbi, chipewa m'manja.

"Kwerani mama, ulere! Kulikonse, moyo wanga wonse!"

"Ulere? Mwana wanga adzadya ulerewo?"

Anakweza mwendo kuti akwere ndithu, koma unaima m'malere. Kodi mpongozi angakhale kumbuyo kwa mkamwini, n'kumugwira m'chiuno pa mabampu? Manyazi ake! Anatsitsa mwendo pang'onopang'ono, nakonza chitenje. Zaka zonsezi akufunafuna wakabaza wachilungamo, lero amupeza, ndipo sadzakwera njinga yake mpaka kalekale.

Anatembenukira kwa mnzake wa Shafi, yemwe ankapukuta misozi ya chiseko.

"Iwe, kumsika ndi zingati? Ndipo usayang'ane sutikesiyi, mulibe kanthu."