Anandithokoza atandiyang'ana

Chaka chimenecho gulu lathu la alimi a mkaka ku Namitambo linatsala pang'ono kutha. Mvula inakokolola nsenjere, madeya anasowa, magetsi ankangothimathima mpaka mkaka kusasa m'thanki. Choopsa chinali chakuti galimoto ya kampani yotigula inabweza mkaka wathu wonse, ati muli madzi. Patapita masiku, mabanja ena anaimitsidwa kubweretsa mkaka. Amene anawaneneza sankadziwika, ndipo tinayamba kulonjerana ndi maso okha.

Ine ndinali membala wamba, wa ng'ombe imodzi. Paphwando lotsekera chaka ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi achemwali ena amene tinkayendera limodzi m'mawa uliwonse titasenza zigubu. Alongo awo anali m'gulu la oimitsidwa.

Ashehe atatsegula ndi pemphero, atcheya anaimirira. Analonjera alangizi a ziweto, akomiti, kenako ife tonse. Mavuto sanawabise. Anawatchula limodzilimodzi, koma osaloza munthu chala. Ndiye anayamba kuthokoza, aliyense ndi ntchito yake: oyeza mkaka amene anapirira kutukwanidwa, alonda amene ankalimbana ndi jenereta, amayi otsuka thanki, alangizi amene anaoloka mtsinje wodzaza kukabereketsa ng'ombe. Tinkawomba m'manja, koma aliyense ankatchera khutu kuti amve amene adumphidwe.

Kenako anatsitsa mawu.

"Pali wina amene sindimutchula. Anaona choipa, sanakhale chete. Gulu lino lili moyo chifukwa cha iye. Zikomo kwambiri."

Ponena zimenezi maso awo anali kumbuyo, pamene ndinakhala ine. Mitu inatembenuka. M'manja munamveka mwa apo ndi apo. Achemwali aja anasuntha mbale yawo ya mpunga, nkukhala chondifulatira.

Ine sindinanenezepo munthu. Za madzizo ndinazimva tsiku limene anazimva wina aliyense.

Atcheya anapitiriza za chaka chamawa, zodzala nsenjere kumtunda, natifunira Khirisimasi yabwino. Sindinamvenso bwino. Ndinkangodzifunsa: kodi maso aja anangogwera pa ine, kapena anandisankha dala kuti abise mnzawo? Oyeza mkaka, amene ndi mphwawo wa atcheya, anali kutsogolo, akudya nyama.

Anthu akubalalika ndinawapeza atcheya pa njinga yawo.

"Bambo, bwanji munandiyang'ana ine?"

"Inu mayi? Ndimayang'ana khoma. Polankhula pagulu umasankha malo amodzi kuti usanjenjemere."

"Ndiye mukawauze anthu kuti si ine."

Anamanga kaye chikwama pakaliyala. "Ndikati si inu, mawa abwera wina, kenako wina. Mapeto ake atsala mmodzi."

Zinali zomveka, koma sanandiyang'ane pozinena.

Kuyambira Januwale ndinkapita ndekha kokapereka mkaka. Achemwali aja anasintha njira, amadzera kuchigayo. Oimitsidwa aja anabwezeretsedwa m'gulu mvula itatha, ndipo alongo a achemwali aja amandipatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso mpaka lero.