Argentina Anakana Kutseka Mabuku Lolemba

Mayi Argentina, namwino wamkulu pa kachipatala kena ku Chiputo, sadziwa kunyengerera mabwana. Shefi wawo atalamula kuti kuyambira Lolemba odwala azilembedwa pa tabuleti basi, osati m'mabuku, mayiwo anakana.

"Anzangawa sanamve chifukwa chake, shefi. Sindiwakakamiza."

Anayamba n'kuwafotokozera anzawowo ubwino wake, kenako anawafunsa chimene ankaopa. Aniceto, namwino wamakani kuposa onse, anati redi, ndiye kuti netiweki, ikathawa nthawi ya mvula, mayina asowa. Mayiwo anamupatsa iyeyo pulogalamu ya pa tabuletiyo kuti ayiyese, mabuku akugwirabe ntchito. Redi inathawadi, koma mayina anasungika m'tabuletimo. Aniceto anayamba kuphunzitsa anzake.

Mvula itatha, shefi anabwera kudzakalipa za kuchedwa. Mayi Argentina anawalozera kabati.

"Mabuku ali umo, shefi. Anzangawa atseka okha. Mukanatseka inu, akanatsegula mutangochoka."